Kufikira mafayilo a ku ofesi kuchokera pa foni: momwe ntchito ya WebDAV ikuyendera ku Kasungu

Zolemba izi ndi za komiti yaing'ono yomwe ikuyendetsa ntchito ya makompyuta pa bungwe lathu la alimi kuno ku boma la Kasungu. Cholinga nchakuti alangizi omwe ali ku Santhe, ku Chulu, ku Nkhamenya ndi ku Chamama azitha kuika zithunzi za malisiti a mtedza ndi soya m'foda ya ku ofesi, komanso kutsegula mafomu, ali komweko. Mpaka pano zithunzi zimabwera pa magulu ochezerana a pa foni, kumene zimachepetsedwa mpaka manambala a sikelo osawerengeka.

Sabata yoyamba: bokosi la mu ofesi

Tasankha WebDAV chifukwa imayenda pa njira yomweyo yomwe masamba a pa intaneti amayendera. Ndi HTTP yomwe anaiwonjezera malamulo ochepa: PROPFIND wofunsira zomwe zili m'foda, MKCOL wopangira foda yatsopano, MOVE wosunthira kapena kusinthira dzina, LOCK wotsekera fayilo pamene wina akuisintha. Malamulowa anawalemba koyamba mu RFC 2518 m'chaka cha 1999, kenako anawakonzanso mu RFC 4918 mu 2007. Phindu lake kwa ife nlakuti zonse zimadutsa pa poti 443, yomwe netiweki iliyonse ya foni imailola. SMB, yomwe makompyuta a mu ofesi amagawanira mafoda, si yoti muziitulutsa poyera pa intaneti.

Bokosi lake ndi kompyuta yaing'ono ya Debian yokhala ndi disiki ya 1 TB, yolumikizidwa ku batire la sola limodzi ndi rauta kuti magetsi akathima zisafe. Taikamo Apache, pulogalamu yoyankha mapempho a HTTP, tatsegula zigawo zake ndi `a2enmod dav dav_fs headers`, ndipo talemba izi:

```
Alias /dav /srv/dav
<Directory /srv/dav>
    Dav On
    AuthType Basic
    AuthName "Mafayilo"
    AuthUserFile /etc/apache2/dav.passwd
    Require valid-user
</Directory>
```

Foda ya `/srv/dav` iyenera kukhala ya `www-data`, dzina lomwe Apache imagwirira ntchito pa Debian. Mukaiwala zimenezi, foni imaona mafayilo bwinobwino koma ikafuna kuikamo kanthu imakanizidwa ndi 403. Mlangizi aliyense ali ndi dzina ndi pasiwedi yakeyake, kuti foni ikatayika tizingochotsa dzina limodzi. Dzina loyamba limalembedwa ndi `htpasswd -cB`, koma otsatira onse ndi `htpasswd -B` basi. Chilembo cha `c` chimapanga fayilo yatsopano n'kufafaniza maina onse omwe analimo, choncho chigwiritsidwe ntchito kamodzi kokha.

Pa wayifayi ya mu ofesi zonse zikuyenda. Kunja kwa mpanda palibe chikufika.

Sabata yachiwiri: chifukwa chake kunja sikukufika

Apa mpamene pali nkhani yaikulu, ndipo aliyense yemwe ofesi yake imadalira rauta ya simukhadi adzakumana nayo. Malangizo ambiri amati tsegulani poti 443 pa rauta muilozetse ku bokosi. Zimenezo zimatheka ngati rauta ili ndi adiresi yakeyake yooneka pa intaneti. Pa netiweki ya foni nthawi zambiri sizikhala choncho: makasitomala ambirimbiri amagawana adiresi imodzi kudzera m'makina a kampani, njira yotchedwa CGNAT. Inu mutha kutuluka kukapempha tsamba, yankho n'kukupezani, koma munthu wakunja sangayambe ndiye kugogoda kwa inu chifukwa makinawo sadziwa kuti akufuna kasitomala uti.

Kudziwa kwake nkosavuta. Lowani pa tsamba la rauta muone adiresi ya WAN, kenako funsani tsamba lililonse louza anthu adiresi yomwe akuonekera nayo pa intaneti. Zikasiyana, muli kuseri kwa CGNAT. Adiresi ya WAN ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, kapena ikayamba ndi 10, palibenso chokayikitsa. Yathu ili m'gulu loyambalo. Pamenepa dzina la DDNS, lomwe limatsatira adiresi ya rauta ikasintha, silithandiza, chifukwa limangoloza ku adiresi yogawanayo.

Njira yomwe tatenga ndi kubwereka seva yaing'ono ya pa intaneti yokhala ndi adiresi yake, n'kukumba ngalande ya WireGuard kuchokera ku bokosi kupita kumeneko. Chofunika nchakuti bokosi ndilo limayamba kulumikiza, kotero CGNAT imaliona ngati kasitomala wotuluka. M'ngalandemo seva ndi 10.8.0.1, bokosi ndi 10.8.0.2. Ku mbali ya bokosi mzere uwu usasowe:

```
PersistentKeepalive = 25
```

Popanda mzerewu ngalande imagwira ikangotsegulidwa kumene, koma pakadutsa kanthawi popanda chodutsamo makina a kampani amaiwala njirayo, ndipo mlangizi akayesa masana amapeza 504 kapena kudikira kosatha. Kaphukusi kakang'ono kotumizidwa masekondi 25 alionse ndi komwe kamasunga njirayo ili yotseguka.

Pa seva yobwerekayo pali nginx, yomwe imalandira foni pa HTTPS n'kupereka pempho ku bokosi kudzera m'ngalande. Satifiketi ndi ya Let's Encrypt. Pa HTTPS sitikunyengerera: njira ya `Basic` imatumiza dzina ndi pasiwedi pa pempho lililonse zitangolembedwa mwa base64, yomwe aliyense angaimasulire. Popanda HTTPS ndiye kuti pasiwedi ikuyenda poyera.

Tsopano pempho likudutsa malo anayi: foni, seva yobwereka, ngalande, bokosi. Vuto lililonse lomwe tapeza kuchokera apa lili pa amodzi mwa malo amenewa, ndipo ntchito yaikulu ndi kudziwa kuti ndi pati.

Sabata yachitatu: kulumikiza mafoni

Mapulogalamu a pa foni sanena zambiri. Pasiwedi ikalakwika, adiresi ikalakwika, ngalande ikagwa, uthenga umakhala pafupifupi umodzimodzi, woti kulumikiza kwalephereka. Nchifukwa chake tagwirizana kuti tisanakhudze foni ya munthu tiziyamba tafunsa seva ndi curl, pa laputopu yolumikizidwa ku deta ya foni osati ku wayifayi ya mu ofesi:

```
curl -i -u chulu -X PROPFIND -H "Depth: 1" https://mafayilo.example.org/dav/
```

Yankho labwino ndi `207 Multi-Status` lotsatiridwa ndi mndandanda wa mafoda. Likabwera limeneli, seva, ngalande ndi bokosi zili bwino, vuto lili m'foni. 401 ndiye kuti dzina kapena pasiwedi. 404 kapena 405 ndiye kuti pempho lafika pa malo omwe si a WebDAV, kawirikawiri chifukwa `/dav/` yasiyidwa. 502 kapena 504 pa pempho limeneli ndiye kuti nginx siikulipeza bokosi, ndipo poyambira ndi `wg show` kuti tione nthawi yomwe mbali ziwirizo zinapatsana moni komaliza. 301 imabwera mukasiya kamzere kopendama ka kumapeto kwa adiresi. Mapulogalamu ena amatsatira okha komwe awalozera, ena amangoima, choncho pa pepala lomwe tapatsa alangizi kamzereko talemba ndi inki yofiira.

Pa Android pali mapulogalamu angapo odziwa WebDAV, monga Solid Explorer, Cx File Explorer, Material Files, ndi Total Commander ikaikidwa chowonjezera chake. DAVx⁵ imachita mosiyana: imaonetsa foda ya kutaliyo mkati mwa chosankhira mafayilo cha Android, kotero mapulogalamu ena amatha kutsegula ndi kusunga momwemo. Chomwe chimasokoneza anthu nchakuti mapulogalamu ena amafuna adiresi yonse pa mzere umodzi, pamene ena amaigawa m'mabokosi. Akaigawa, pa dzina la seva lembani `mafayilo.example.org` popanda `https://`, pa poti 443, pa njira `/dav/`, ndipo chongani HTTPS. Mukachonga HTTPS koma poti n'kutsala pa 80, sizilumikizana. Pa iPhone, pulogalamu ya Files payokha imalumikiza ku SMB koma osati ku WebDAV, choncho a pampando, omwe ali ndi foni yotere, afunika pulogalamu ina yapadera.

Mafoni awiri anakana satifiketi pamene curl inkayankha 207. Yoyamba inali ndi deti lolakwika: batire linathera pansi, foni n'kubwerera ku chaka chakale, ndipo kwa iyo satifiketi inali isanayambe kugwira ntchito. Titaikonza kuti izitenga nthawi ku netiweki, inalowa. Yachiwiri ndi ya Android 6. Mafoni a Android osafika pa 7.1.1 sadziwa muzu wa ISRG Root X1, ndipo njira yomwe inkawathandiza kukhulupirira masatifiketi a Let's Encrypt inatha mu 2024. Mapulogalamu ena ali ndi kabokosi kovomera satifiketi iliyonse. Tawauza alangizi kuti asakachonge, chifukwa foni yotero ingapereke pasiwedi kwa aliyense wodzitcha seva yathu. Foniyo taichotsa pa ntchitoyi.

Sabata yachinayi: zithunzi zikukana, mafomu akulowa

A mlangizi a ku Chulu anatumiza uthenga woti fomu ya Word yalowa koma zithunzi za malisiti zonse zikulephera, ndipo ankaganiza kuti ndi netiweki ya kumeneko. Maganizowo ngomveka, koma panali chizindikiro chotsutsa: chithunzi chilichonse chinkalephera nthawi yomweyo, osati chitayenda theka. Netiweki yofooka imadula fayilo pa malo osiyanasiyana, nthawi zina n'kuilola. Kukana kwa nthawi yomweyo, kobwerezabwereza, kumasonyeza lamulo lomwe lili pa seva.

Tinafunsa kukula kwa mafayilo. Fomu inali ya 180 KB, zithunzi zinali za pakati pa 2 ndi 4 MB. Tinayesa ndi chithunzi chofanana:

```
curl -i -u chulu -T lisiti.jpg https://mafayilo.example.org/dav/chulu/
```

Yankho linali 413. M'kaundula wa Apache pa bokosi munalibe mzere wa pempho limeneli, kutanthauza kuti silinafikeko. M'kaundula wa zolakwika wa nginx munalembedwa `client intended to send too large body`. Mwachibadwa nginx imakana pempho loposa 1 MB. Takweza malirewo, ndipo gawo lonse tsopano lili chonchi:

```
location /dav/ {
    proxy_pass http://10.8.0.2;
    proxy_set_header Host $host;
    proxy_http_version 1.1;
    client_max_body_size 200m;
    proxy_request_buffering off;
}
```

Mzere womalizawo ukuuza nginx kuti izipereka fayilo ku bokosi pamene ikubwera. Ikapanda kuuzidwa, imayamba yaisunga yonse pa disiki yake, kenako n'kuyamba kuitumiza m'ngalande, ndipo foni imaonetsa kuti yamaliza koma n'kumadikirabe yankho mpaka ina kutopa. Malire a 200 MB tawasankha dala. Tikanatha kuwachotseratu, koma kanema mmodzi wa msonkhano angadye bandulo ya ofesi ya masiku angapo.

Pali malire ena omwe sitingawachotse ndi mzere uliwonse. Mu WebDAV wamba, fayilo imatumizidwa ndi PUT mmodzi, ndipo ikadukira panjira mapulogalamu amayambiranso pa chiyambi. Fayilo ya 40 MB pa liwiro lotumizira la 1 Mbps imafuna masekondi osachepera 320, ndiye kuti mphindi zoposa zisanu netiweki isanagwedezeke. Chithunzi cha 3 MB chimafuna masekondi 24 okha. Choncho tapempha alangizi kuti asamange malisiti a mwezi wonse m'fayilo imodzi. Azitumiza chimodzichimodzi, ndipo foni isazime sikirini pamene ikutumiza, chifukwa mafoni ambiri amagonetsa pulogalamu pofuna kusunga batire. Akamaliza aziyerekeza kukula kwa fayilo ya m'foni ndi ya ku seva.

Sabata yomweyo tinapeza chomwe chinkadya deta ya a mlangizi a ku Santhe. Pulogalamu ikatsegula foda ya zithunzi imafuna kuonetsa tizithunzi tating'ono pambali pa maina. Apache sipanga tizithunzi totere, ndiye pulogalamuyo imatha kukoka zithunzi zenizenizo kuti ipange yokha. Foda ya zithunzi 200 za 3 MB ndi 600 MB, ndipo deta imeneyo imatha mbali ziwiri: pa foni ya mlangizi ndi pa rauta ya ofesi. M'kaundula wa Apache zimaoneka ngati mzere wautali wa GET wotsatira PROPFIND mmodzi. Tazimitsa tizithunzi ta mafoda a pa netiweki m'mafoni onse, ndipo tagawa mafoda potsatira dera ndi mwezi, monga `/dav/santhe/06/`, kuti foda imodzi isadzaze. Popanga mafoda otere yambani ndi yapamwamba. MKCOL pa foda yomwe kholo lake kulibe imayankha 409.

Sabata yachisanu: kusintha dzina la fayilo

Akalaliki anaona kuti akutha kuika, kutsegula ndi kufafaniza, koma kusintha dzina kukulephera ndi 502. Nambalayi imasocheretsa, chifukwa nthawi zambiri imatanthauza kuti ngalande yagwa. Koma PROPFIND inkayankha 207, ndipo pempho la MOVE linalembedwa m'kaundula wa bokosi. Wokana anali Apache mwini wake.

Chifukwa chake nchakuti MOVE imanyamula adiresi yonse ya komwe fayilo ikupita m'mutu wotchedwa `Destination`. Pulogalamu imalemba adiresi yoyamba ndi `https`, pamene Apache, yomwe ikulandira pempho m'ngalande pa `http`, imaona ngati ikuuzidwa kusamutsira fayilo ku seva ina. Mzere umodzi pa bokosi wathetsa nkhaniyi, ndipo ndi chifukwa chake tinatseguliratu chigawo cha `headers`:

```
RequestHeader edit Destination ^https: http: early
```

Kufafaniza kosavuta kuja kunatidetsa nkhawa. WebDAV ya Apache ilibe dengu la zinyalala. DELETE pa foda imachotsa foda ndi zonse za mkati, ndipo pa sikirini ya foni chala chimaphonya mosavuta. Tasintha mzere wa `Require valid-user` kukhala izi, kuti dzina la `ofesi` lokha ndilo lizitha kufafaniza ndi kusuntha mafayilo:

```
<Limit DELETE MOVE>
    Require user ofesi
</Limit>
<LimitExcept DELETE MOVE>
    Require valid-user
</LimitExcept>
```

Musanachite chimodzimodzi yesani pulogalamu iliyonse yomwe anthu anu ali nayo, chifukwa ilipo ina yomwe imayamba yatumiza fayilo ndi dzina longoyembekezera kenako n'kulisintha ndi MOVE. Yotereyo imasiya kugwira ntchito. Ndipo lamuloli silitseka khomo lonse: PUT ya dzina lomwe lilipo kale imalemba pamwamba pa fayilo yakale. Alangizi awiri akatcha chithunzi `lisiti.jpg` m'foda imodzi, chotsala ndi cha womaliza. Nchifukwa chake dera lililonse lili ndi foda yake, dzina la fayilo likuyamba ndi deti, ndipo usiku uliwonse bokosi likukopera zonse ku disiki yachiwiri mosafafaniza zakale.

Sabata yachisanu ndi chimodzi: makompyuta

Pa laputopu ya Linux sizinavute. Mu Files ya GNOME adiresi imayamba ndi `davs://`, mu Dolphin ndi `webdavs://`, zotsalazo nzofanana ndi za pa foni.

Pa Windows, foda imalumikizidwa ngati disiki ndi lamulo ili:

```
net use Z: https://mafayilo.example.org/dav/ /user:ofesi *
```

Ntchito ya mkati yotchedwa WebClient iyenera kukhala ikuyenda, apo ayi lamuloli limalephera ngakhale seva ili bwino. Mwachibadwa imalola `Basic` pa HTTPS pokha, zomwe zikugwirizana ndi momwe tachitira. Ilinso ndi malire a mabayiti 50000000, pafupifupi 47 MB monga Windows imawerengera. Mukakopera fayilo yoposa apo kuchokera ku seva mumaona `0x800700DF`. Amayi a ku akaunti anakumana nazo pokoka buku la mamembala losikanidwa. Malirewo ali mu `FileSizeLimitInBytes`, pansi pa `HKLM\SYSTEM\CurrentControlSet\Services\WebClient\Parameters`. Tawakweza kufika pa 209715200 kuti afanane ndi a nginx, n'kuyambitsanso WebClient. Microsoft inalengeza mu 2023 kuti WebClient siipitirizidwanso kukonzedwa, choncho pa laputopu ya a manejala taikaponso WinSCP, yomwe imadziwa WebDAV payokha.

Windows ndi mapulogalamu a Office amatseka fayilo ndi LOCK akaitsegula kuti aisinthe. Laputopu ikazima mwadzidzidzi loko imatsala mpaka nthawi yake itatha, ndipo wina wofuna kusunga pa fayilo yomweyo amalandira 423. Mapulogalamu ambiri a pa foni sapempha loko nkomwe, ndiye sitikudalira njirayi kuteteza kaundula wa ngongole: ameneyo amasinthidwa ndi munthu mmodzi, ena amangowerenga.

Chomwe sichinathe ndi ichi. Kompyuta ya akalaliki ili m'chipinda chimodzi ndi bokosi, koma ikagwiritsa ntchito adiresi ya pa intaneti, fayilo imatuluka pa rauta kupita ku seva yobwereka n'kubwereranso pa rauta yomweyo, bandulo n'kudyeka kawiri. Kuloza Windows mwachindunji ku adiresi ya bokosi pa `http` sikutheka popanda kufooketsa `BasicAuthLevel`, lamulo lija lolola `Basic` pa HTTPS pokha, ndipo sitikufuna kutero. Tikuyesa kugawa `/srv/dav` ndi Samba, pulogalamu yogawira mafoda pa SMB, mkati mwa ofesi mokha, koma yowerenga basi, chifukwa Samba ndi Apache sadziwana maloko ndipo mafayilo olembedwa ndi Samba angakhale ndi mwini wina yemwe `www-data` sangawasinthe. Njira ina ndi kuika satifiketi yomweyo pa bokosi n'kuuza makompyuta a mu ofesi, kudzera m'fayilo ya `hosts`, kuti dzina la seva ndi adiresi ya bokosi. Imeneyi ingalole kulemba, koma satifiketi iyenera kukoperedwa ku bokosi nthawi iliyonse ikasinthidwa, ndipo laputopu yotuluka nayo kunja singaipezenso seva mpaka mzerewo utachotsedwa. Sabata ya mawa tiyamba ndi Samba pa kompyuta ya akalaliki yokha, ndipo tiyerekeza deta yomwe rauta yawerenga ndi ya sabata ino.